Musajambule kanema motsatira masamba a bukhu

Anzanga ogulitsa mapulinta ku Kamwala, mukamakonza kanema woonetsa kalumikizidwe ka pulinta yatsopano, dziwani kuti bukhu la malangizo nthawi zambiri limaika machenjezo kutsogolo, za inki pakati. Manja sayenda choncho. Tsegulani katoni nokha, mulembe chilichonse chimene manja achita motsatana: kuchotsa matepi ndi zotchinga za mkati, kulumikiza magetsi, kuyatsa, kuika inki, kenako mapepala.

Pepala lanu likhale ndi mbali ziwiri, zooneka kumanzere, zolankhula kumanja, ntchito imodzi pa mzere. Chenjezo lililonse lichotseni kutsogolo kuja, limveke dzanja lisanafike pamalopo. Mawu akuti musakhudze timizere ta kopa pa katiriji akamveka itagwidwa kale, achedwa.

Musanajambule, werengerani mnzanu wosaidziwa pulintayo, iye akuchita. Pamene waima n'kufunsa, mwadumpha sitepe.