Mmene mungawerengere dzuwa, mwezi ndi chizindikiro chotuluka monga munthu mmodzi

Ambiri amadziwa chizindikiro chawo cha nyenyezi chimodzi chokha, chija chopezeka pongoyang'ana tsiku lobadwa: Leo, Virgo, Pisces. Chimenecho ndi cha dzuwa. Openda nyenyezi a mwambo wa ku Ulaya amayambira pa zitatu: cha dzuwa, cha mwezi, ndi chimene chinkatuluka kum'mawa pa nthawi imene munthuyo ankabadwa. Kuzipeza sikuvuta. Anthu amasokonekera poziwerenga, chifukwa amangondandalika makhalidwe a chilichonse pachokha, mapeto ake sizikhalanso za munthu mmodzi.

Choyamba, pezani nthawi yobadwa

Mufunika tsiku, malo ndi nthawi. Dzuwa limakhala m'chizindikiro chimodzi pafupifupi mwezi wathunthu, choncho tsiku lokha ndi lokwanira, kupatula ngati munabadwa pamene likusamuka, chapakati pa tsiku la 19 ndi la 23 la mwezi. Mwezi umasamuka pakatha masiku awiri ndi theka. Chizindikiro chotuluka ndiye sichichedwa: zonse 12 zimatuluka kum'mawa pa maola 24, ndiye chilichonse chimatenga pafupifupi maola awiri. Amayi akangoti "unabadwa madzulo", ndiye kuti pali zizindikiro ziwiri kapena zitatu zomwe zingakhale zanu. Fufuzani m'mapepala a kuchipatala ngati alipo, kapena afunseni bwinobwino: kunali kutada? Anthu anali atadya kale?

Lowetsani zimenezi pa tsamba lowerengera monga astro.com, ndipo yang'anani mawu atatu: Sun, Moon ndi Ascendant, imene ena amaifupikitsa kuti AC kapena ASC.

Kenako tsimikizani kuti sizinalakwike

Wobadwa dzuwa likutuluka, chizindikiro chake chotuluka chimakhala chomwecho cha dzuwa kapena choyandikana nacho. Wobadwa likulowa amakhala ndi choyang'anizana nacho pa bwalo la zizindikiro 12, monga mmene Cancer imayang'anizirana ndi Capricorn. Mukaona kuti munabadwa mbandakucha koma mwapatsidwa choyang'anizana, dziwani kuti mwasokoneza AM ndi PM. Masamba awiri akakupatsani mayankho osiyana ndi chizindikiro chimodzi, kawirikawiri limodzi likutsata kawerengedwe ka ku India, kolembedwa Sidereal kapena Vedic, komwe kamabwerera m'mbuyo ndi madigiri pafupifupi 24. Pano tikutsata kolembedwa Tropical.

Chilichonse chipatseni funso lake

Mwa kamvedwe ka openda nyenyezi, dzuwa limayankha funso lakuti munthuyu akufuna kukhala ndani ndipo mphamvu zake amazithera pa chiyani. Mwezi umayankha lakuti mtima wake umakhazikika ndi chiyani, komanso amatani akatopa kapena akakhumudwa. Chizindikiro chotuluka chimanena mmene amayambira zinthu ndi mmene alendo amamuonera koyamba. Musalole chimodzi kuyankha funso la chinzake.

Tiyerekeze mayi wina wobadwira ku Lilongwe sabata yoyamba ya Januwale, cha m'ma 8 koloko usiku, mwezi uli wathunthu. Dzuwa lake lili mu Capricorn. Mwezi wathunthu umayang'anizana ndi dzuwa, ndiye uli mu Cancer. Dzuwa litangolowa kum'mawa kunkatuluka Cancer, ndipo pofika 8 koloko kunali kutayamba Leo. Tili ndi Capricorn, Cancer ndi Leo.

Capricorn imanenedwa kuti ndi ya udindo, kupirira ndi kumanga pang'onopang'ono. Cancer ndi ya banja, kusamala anthu ndi kusunga zakukhosi. Leo ndi ya kuonekera, nsangala ndi kudzidalira. Mukaimira pomwepa mungonena kuti mayiyu ndi wosaseka, wachifundo komanso wokonda kuonekera, zomwe sizikufotokoza aliyense.

Onani amene akugwirizana ndi amene akukokana

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni. Zizindikiro 12 zija zili m'magulu anayi. Za moto ndi Aries, Leo ndi Sagittarius. Za nthaka ndi Taurus, Virgo ndi Capricorn. Za mpweya ndi Gemini, Libra ndi Aquarius. Za madzi ndi Cancer, Scorpio ndi Pisces. Moto umamvana ndi mpweya, nthaka imamvana ndi madzi.

Kwa mayi wathu, dzuwa lili m'nthaka, mwezi m'madzi, chotuluka m'moto. Dzuwa ndi mwezi zili m'magulu omvana, koma zikuyang'anizana, ndipo kuyang'anizana kumawerengedwa ngati kukokana pa nkhani imodzi. Nkhani yake pano ndi udindo. Capricorn ikuukokera ku ntchito, Cancer ikuukokera kunyumba, ndipo akakhutiritsa mbali imodzi ina imadandaula. Leo ndiye mlendo pakati pa atatuwa, chifukwa moto sugwirizana kwenikweni ndi nthaka kapena madzi. Tanthauzo lake n'lakuti zomwe anthu amaona poyamba n'zosiyana ndi zomwe zili mkati. Ine ndimayambira pamenepa nthawi zonse, pa chimene chasiyana ndi zinzake, chifukwa zikakhala zofanana zonse zitatu zonena zimachepa: munthuyo amangowerengedwa kuti mmene akuonekeramo ndi mmene alili.

Lolani chotuluka chikuuzeni kumene dzuwa ndi mwezi zili

Ambiri amadumpha gawo ili, pamene ndi limene limamanga zitatuzi pamodzi. Chizindikiro chotuluka ndicho nyumba yoyamba mwa nyumba 12 za moyo. Njira yosavuta, yolembedwa Whole Signs pa masamba ambiri, imapatsa chizindikiro chilichonse nyumba yakeyake. Werengani kuchokera pa Leo: Virgo ndi yachiwiri, Libra yachitatu, mpaka Capricorn ya nambala 6 ndi Cancer ya nambala 12. Nyumba ya 6 ndi ya ntchito ya tsiku ndi tsiku, kutumikira ena ndi thanzi. Ya 12 ndi ya zobisika ndi kukhala pawekha.

Funsaninso kuti wolamulira chizindikiro chotulukacho ndani, pakuti mwa mwambowu chizindikiro chilichonse chili ndi pulaneti, dzuwa kapena mwezi wochilamulira. Leo imalamulidwa ndi dzuwa, ndiye nkhope yansangala ija ikukubwezerani ku Capricorn ya m'nyumba ya ntchito: kuonekera kwake kumatumikira ntchito, osati maphwando. Cancer imalamulidwa ndi mwezi, choncho mwezi uli kwawo ndipo ndi wamphamvu, koma uli m'nyumba yobisika. Akumva zambiri, akuonetsa zochepa.

Musanauze munthu zonsezi, dziwani malire ake. Malo a dzuwa ndi mwezi ndi masamu enieni, koma matanthauzowa ndi a mwambo chabe. Pa kafukufuku wa Shawn Carlson amene anatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature mu 1985, openda nyenyezi sanathe kufananiza malo a nyenyezi pa nthawi imene anthu ankabadwa ndi makhalidwe awo kuposa mmene wongolota akanachitira. Si chinthu chosankhira mwamuna kapena cholembera munthu ntchito.

Pomaliza, lembani chiganizo chimodzi

Yambani ndi chotuluka, pitani ku dzuwa, tsirizani ndi mwezi, ndipo lumikizani ndi mawu monga "pofuna", "koma" ndi "chifukwa", osati "komanso". Za mayi uja zingamveke chonchi: amalowa pagulu molimba mtima ndipo anthu amafulumira kumupatsa utsogoleri, iye amaulandira chifukwa amadziyeza ndi ntchito yoyenda bwino, koma zikamupweteka sanena, amakadzitsekera kunyumba kwa anthu ake ochepa.

Ngati nthawi yobadwa simunaipeze, siyani chotuluka pamodzi ndi nyumba zonse, chifukwa kungoyerekeza ola kumasuntha chilichonse. Werengerani kawiri, koyambirira ndi kothera kwa tsikulo, ndipo mwezi ukakhala m'chizindikiro chimodzi konseko, werengani dzuwa ndi mwezi basi.