Chala chachikulu cha kuphazi chikatupa usiku, lumo ndi makapusozi si yankho

Nyengo yotentha ino, maukwati ndi ziliza zili paliponse, ndipo abambo ambiri akufika kuchipatala akutsimphina, chala chachikulu cha kuphazi chili ndi mphini zotukusira. Ukawafunsa, nkhani ndi imodzi: anagona bwinobwino, cha m'ma 2 koloko usiku mfundo ya m'tsinde mwa chala inayamba kuwawa, kutentha ndi kufiira, mwakuti ngakhale chofunda sichimakhudzapo. Kutacha anati aponda mankhwala, natemera mphini, kenako kukagula makapusozi a amokisisilini pagolosale.

Nthawi zambiri imeneyi ndi gauti. M'magazi mumakhala asidi wotchedwa yuriki, amene impso zimayenera kutaya kudzera m'mkodzo. Akachuluka amaundana m'mfundo ngati tisingano tosaoneka ndi maso, makamaka kuphazi komwe kumazizira, ndiponso munthu akamwa mowa wambiri koma madzi ochepa. Mulibe tizilombo toyambitsa matenda m'menemo, choncho makapusozi alibe choti aphe. Chomwe chimapusitsa anthu ndi chakuti gauti imafika pachimake m'maola 24 oyamba, kenako imazilala yokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Makapusozi ndi mphini zimatamandidwa pa ntchito yomwe sizinagwire, ndipo chaka chamawa munthu abwerezanso zomwezo.

Mphinizo ndiye zikundidetsa nkhawa kwambiri. Lumo limatsegula khungu pamwamba penipeni pa mfundo yotupa, mankhwala akuda napakidwapo, munthu nayenda m'fumbi atavala patapata. Mlimi wina wa fodya wa zaka za m'ma 50, yemwe amamwa mankhwala a BP komanso ali ndi shuga, anachita zimenezi atabwera ku ukwati. Tsiku lachinayi, m'malo mopepuka, phazi linatupa mpaka m'kakolo, thupi linatentha, ndipo pamphini panayamba kutuluka mafinya. Anagonekedwa masabata awiri akulandira mankhwala a m'mitsempha, mfundo inachita kutsukidwa kufiyeta, nazale yake ikuuma kumudzi. Anayamba ndi gauti yomwe ikanatha ndi mapiritsi a masiku ochepa. Kodi tidzasiya liti kutema chilichonse chotupa?

Mfundo yolowa tizilombo imasiyana ndi gauti m'mayendedwe ake. Ululu umakulirakulira tsiku ndi tsiku osabwerera, kufiira kumakwera phazi, munthu amanjenjemera, kufooka ndi kukana chakudya, ndipo kawirikawiri pamakhala bala, chilonda kapena ming'alu pakati pa zala. Tizilombo tingathe kuwononga mfundo m'masiku ochepa chabe. Koma musadalire maso okha, poti gauti nayo nthawi zina imatenthetsa thupi, ndipo matenda awiriwa angathe kukhala m'mfundo imodzi. Chotsimikizira ndi madzi a m'mfundo omwe dokotala amapopa ndi jakisoni n'kukayeza. Kuyeza yuriki m'magazi ululu uli mkati kungasokeretse, chifukwa nthawi zina amaoneka wabwinobwino. Amayezanso pakapita masabata awiri kapena kuposerapo. Ngati ndi koyamba, kapena muli ndi shuga, HIV, bala kapena thupi latentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Uzani dokotala mankhwala onse omwe mukumwa. Haidirokolorothayazaidi wa BP, pirazinamaidi wa TB ndi asipirini amakweza yuriki. Musasiye nokha, iye ndiye aone ngati pali chosintha.

Gauti ikatsimikizika, kwezani phazi, ikani ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 20, ndipo imwani madzi ambiri. Aibupurofeni mutadya amathandiza, koma osati kwa odwala impso kapena zilonda za m'mimba. Otere dokotala angawapatse puredinisoloni wa masiku asanu. Kolichisini, mankhwala ena oziziritsa ululu wa gauti, amagwira bwino akayambidwa tsiku loyamba, ndipo mukayamba kutsegula m'mimba ndiye kuti wachuluka.

Pa zakudya, chepetsani mowa wa mtundu uliwonse, chiwindi, impso, nthumbwana, kanyenya ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Nyemba, masamba, mazira ndi mkaka musaziope. Komabe zakudya zokha zimatsitsa yuriki pang'ono chabe, poti vuto lalikulu ndi impso zosataya mokwanira. Wogwidwa kawiri kapena kuposa pachaka, kapena amene watuluka timabulunga tolimba m'mfundo, amafunika alopurino, mankhwala otsitsa yuriki: amayamba ndi mamiligalamu 100 patsiku kapena kucheperapo ngati impso zili zofooka, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka yuriki atatsika pansi pa mamiligalamu 6 pa desilita. Amamwedwa tsiku lililonse ngakhale ululu palibe, ndipo miyezi yoyamba gauti ingabukebe, osasiya chifukwa cha zimenezo. Koma mukatuluka ziwengo pakhungu kapena zilonda m'kamwa, siyani pomwepo ndi kuthamangira kuchipatala.