Potumiza zithunzi kuno ku Lilongwe: zip, tar.gz kapena rar?

Achimwene anga a ku Joni adatumiza zithunzi 300 za ukwati wawo m'fayilo imodzi ya rar. Mayi ku Kawale adathera bandulo yonse kuikopera, koma foni idakana kuitsegula. Adachita kukwera minibasi kudzandipeza ku Area 25 kuti ndiwatsegulire pakompyuta.

Inu amene muli kunja, potumiza zinthu kumudzi sankhani zip. Idayamba mu 1989, ndipo Windows, Mac, iPhone ndi mafoni ambiri a Android amaitsegula popanda pulogalamu ina yapadera. Rar ili ndi eni ake: kuti muipange mufunika WinRAR, ndipo wolandira kawirikawiri amayenera kuyamba waika pulogalamu yotsegulira. Windows 11 idayamba kutsegula rar mu 2023, koma makompyuta ambiri a kaunjika kuno akadali pa Windows 10.

Musayembekezere kuti zip ichepetsa bandulo. Zithunzi za JPEG ndi makanema a MP4 amakhala atafinyidwa kale, choncho 900 MB imatsala pafupifupi 900 MB yomweyo, kaya ndi zip kaya ndi rar. Phindu lake ndi lakuti zonse zimapita mtolo umodzi, ndipo mukatumiza pa WhatsApp ngati Document zithunzi sizifooka. Koma netiweki yathu imadukaduka, ndiye gawani: mwambo wa kutchalitchi zip yake, madyerero zip yake, iliyonse yotseguka payokha.

Pa zosunga zaka zambiri, funso ndi lakuti: fayiloyo ikawonongeka pang'ono, mutaya zingati? Zip imafinya fayilo iliyonse payokha, ndiye pakavunda malo amodzi mumataya chithunzi chimodzi kapena ziwiri, zina n'kupulumuka. Tar.gz imachita zosiyana. Tar imalumikiza mafayilo onse ngati chingwe chimodzi, kenaka gzip imafinya chingwe chonsecho. Chikaduka pa chithunzi cha 40, zithunzi 260 zotsatirazo zimavuta kwambiri kuzipulumutsa. Ine tar.gz ndimaisiyira ntchito za Linux ndi maseva, chifukwa imasunga bwino zilolezo ndi umwini wa mafayilo, komanso imafinya bwino timafayilo tambirimbiri ta mawu.

Apa mpamene rar ili ndi mphamvu yake. Mu WinRAR mukachonga Add recovery record, imawonjezera chidutswa chokonzera fayilo ikawonongeka pang'ono. Mukapanda kuchonga, chitetezocho palibe.

Mukatha kupanga fayilo, iyeseni musanafufute zithunzi zoyambazo. Pa Linux kapena Mac, lembani izi mu Terminal:

```
unzip -t ukwati.zip
gzip -t ukwati.tar.gz
```

Mu 7-Zip ndi WinRAR muli batani la Test lochita zomwezo. Mukaona CRC error, fayiloyo yawonongeka, ipangeninso.

Ngati mukupatsira fulashi munthu wobwera kumudzi, onani kaye ngati idafomatidwa m'njira yakale yotchedwa FAT32. Imeneyo imakana fayilo yoposa 4 GB ngakhale malo alipo ambiri. Ifomateni kukhala exFAT, koma muyambe mwakopera zanu kwina, chifukwa kufomata kumafufuta zonse.