Momwe mungakonzere rifulekishoni ya unamwino kuti mawu anu amveke koma ikhalebe ya kukoleji

Rifulekishoni ndi chimangirizo chimene ophunzira unamwino amalemba akachoka kupulakitiko, kufotokoza chinthu chimodzi chimene chinawachitikira m'wodi ndi zimene aphunzirapo. Ine yanga ya chaka chachiwiri inabwezedwa kawiri, ndipo kawiri konseko vuto silinali nkhani yake koma kamvekedwe ka mawu. Panopa ndimathandiza ophunzira amene amabwera kuwodi kwathu, ndipo ndikuona akugwera m'maenje awiri omwewo. Makoleji athu amafuna ntchitoyi m'Chingerezi, koma zitsanzo ndizipereka m'Chichewa kuti timvane bwino pa chimene chikusintha m'chiganizo.

Poyamba lembani nkhani yonse monga mukuuza mnzanu kuhositelo, osasamala za galamala. Kenako muigawe potsatira ndondomeko imene alekichala akupatsani. Ambiri amapereka ya Gibbs ya mu 1988, yomwe ili ndi magawo asanu ndi limodzi: zimene zinachitika, momwe munamvera mumtima, zimene zinayenda bwino ndi zimene zinalakwika, kusanthula zifukwa zake, zimene mwaphunzirapo, ndi zimene mudzachite zikadzachitikanso. Chimene sanandiuze nthawi imeneyo n'chakuti magawowa salankhula ndi mawu amodzi. Awiri oyambawo ndi anu, mumayankhula ngati munthu amene analipo. Gawo losanthula ndi pamene mabuku amalowa. Koma "ine" sachoka m'chimangirizo chonse, amangosintha ntchito: poyamba amaona ndi kumva, pakati amayerekeza ndi zimene akatswiri analemba, kumapeto amalonjeza chochita.

Nkhani yanga inali iyi. Ndinali pa naiti m'wodi ya amayi pachipatala china cha boma. Mayi wina amene anachitidwa opaleshoni yobereka madzulo ake ndinamuyeza cha m'ma 2 koloko usiku, n'kupeza bipi ili 90/60 ndipo mtima ukugunda ka 118 pa mphindi. Maola awiri m'mbuyomo inali 110/70 ndipo mtima unkagunda ka 92. Ndinalemba manambalawo patchati, koma asisita, namwino woyang'anira wodi, sindinawauze chifukwa anali atandikalipira kale usiku womwewo pa nkhani ina. Ndinadikira mphindi 40, n'kuyezanso, ndipo ndipamene ndinalimba mtima kukanena. Mayiyo ankataya magazi. Anathandizidwa ndipo anachira, koma mphindi 40 zimenezo ndi zimene ndinayenera kuziunika.

Gawo la momwe ndinamvera ndi limene linandigwetsa. Ulendo woyamba ndinalemba tsamba lathunthu lotere: "Mtima wanga unali phaphapha, miyendo ikunjenjemera, ndinkangofuna kulira. Asisita aja ndi ankhanza kwambiri, amadana ndi ophunzira, ndipo zikanavuta likanakhala vuto lawo." Zonsezo ndinazimvadi. Alekichala analemba m'mbali kuti imeneyi ndi kalata yodandaula, ndipo anafunsa kuti wodwalayo ali kuti m'ndime yonseyi. Analondola. M'tsamba lonselo mayi uja sanatchulidwemo ngakhale kamodzi.

Ndiye ndinathawira mbali ina. Ndinafufuta "ine" paliponse n'kulemba kuti: "Kunaoneka kuti wophunzira anali ndi mantha. Manambala analembedwa ndipo lipoti linaperekedwa mochedwa." Ndinkaona ngati ndalemba zozama, zomveka ngati buku. Inabweranso, ulendo uno ndi funso lakuti analemba manambalawo ndani, nanga anachedwetsa lipotilo ndani. Apa mpamene ndinazindikira kuti chiganizo chopanda mwini chimabisa amene anachita chinthucho, pomwe cholinga chonse cha rifulekishoni ndi kuvomera gawo lako. Wochonga akawerenga zakuti "lipoti linaperekedwa mochedwa" amaona wophunzira amene akuzemba udindo, ngakhale wophunzirayo amangofuna kumveka waulemu.

Ulendo wachitatu ndinachita chimene ndimaphunzitsa anzanga lero. Maganizo aliwonse amene mwawatchula muwamangirire ku chimene anakuchititsani, kenako ku chimene chinachitikira wodwala. Ndinalemba kuti: "Ndinali ndi mantha kupita kwa namwino woyang'anira wodi chifukwa anali atandidzudzula kale usiku umenewo. Manthawo anandichititsa kuyezanso m'malo mokanena, ndipo izi zinachedwetsa thandizo la wodwala ndi mphindi 40." Onani kuti mantha akadalimo, sindinawabise. Chimene chachoka ndi miyendo yonjenjemera ndi misozi, chifukwa sizikuwonjezera chilichonse pa kumvetsa chimene chinalakwika. Mawu amodzi otchula maganizo, monga mantha, manyazi, mkwiyo kapena kusokonezeka, ndi okwanira akakhala ndi chifukwa chake pambali.

Za asisita zija ndinazikonza posiyanitsa chimene ndinaona ndi chimene ndinaganiza. Kuti ndi ankhanza ndi chigamulo changa, ndipo sindingachitsimikize. Chimene ndinaona n'chakuti anandiyankha mokweza mawu pamaso pa odwala, komanso kuti usiku umenewo anali okha namwino wolembedwa ntchito m'wodi yodzaza. Ndinalemba zimenezo, n'kuwonjezera kuti "ndinazimva ngati sakufuna kuti ndiwavutitsenso". Chiganizo chimenechi n'choona chifukwa chikunena za ine. Musaope kulemba kuti wamkulu analakwitsa ngati analakwitsadi, koma nenani chimene anachita, osati mtundu wa munthu amene mukuganiza kuti iwo ali. Izi ndimazitenga mwamphamvu chifukwa namwino amene wazolowera kulemba zigamulo za anzake mu rifulekishoni adzalembanso zomwezo m'fayilo ya wodwala.

Mukafika posanthula, musangoponya dzina la wolemba buku ndi chaka kumapeto kwa ndime kuti muoneke kuti munawerenga. Yambani ndi chimene munachita, bweretsani chimene mabuku amanena, kenako mubwerere kwa inu. Ine ndinalemba kuti ndinkayang'ana nambala iliyonse payokha, ndipo 90/60 ndinaiona ngati yotsika pang'ono chabe. Mabuku a uzamba amaphunzitsa kuti mayi amene akutaya magazi mtima wake umayamba kuthamanga bipi isanagwe kwenikweni, choncho chofunika ndi kuona komwe manambala akulowera. Pali kawerengedwe kena kogawa kugunda kwa mtima ndi nambala ya pamwamba ya bipi. Kwa mayi uja 118 kugawa ndi 90 imapereka 1.3, pomwe kwa mayi amene wangobereka kumene ikafika 0.9 n'kupitirira ndi chenjezo kale. Ndinamaliza ndimeyo ndi kunena kuti chimene ndinasowa sichinali luso loyeza, chifukwa ndinayeza molondola, koma kumasulira zimene ndapeza ndi kulimba mtima kokanena. Ndime yotere ili ndi buku pakati, koma yayamba ndi ine n'kutha ndi ine.

Pamenepa samalaninso ndi mawu onena motsimikiza kwambiri. Ndinali nditalemba kuti ndikananena msanga mayiyo sakanataya magazi ambiri. Zimenezo sindingazitsimikize, ndiye ndinasintha kuti "zikutheka kuti thandizo likanayamba msanga". Koma pa zimene munachita nokha musaikepo "mwina". Kuchedwa kwa mphindi 40 kunachitikadi, ndipo kuyenera kulembedwa mosazungulira.

Ndinenepo za anthu amene amalengeza m'magulu a WhatsApp kuti amalemba asainimenti pamtengo wakuti. Mnzanga wina anawalipira ndalama imene ikanamukwanira ndiwo za mlungu wathunthu, ndipo anamupatsa rifulekishoni yosalala bwino koma yonena za zipangizo zimene wodi imene iye analimo inalibe. Alekichala athu amayendera ophunzira kupulakitiko, mawodiwo amawadziwa, ndipo anamufunsa mafunso awiri okha n'kudziwa kuti si yake. Ntchito zina mwina munthu angabere osagwidwa, koma iyi imaonekera msanga chifukwa chimene chikuchongedwa ndi mawu a munthu amene analipo. Ndalama yanuyo ndi bwino muisungire bando ndi kupulinta. Pakupulintapo, musathamangire kutulutsa kope loyamba, masamba akwera mtengo ndipo mudzasinthabe zambiri. Werengerani pafoni kapena palaputopu mpaka mutakhutira.

Njira yachidule yoonera ngati mwapendekera mbali imodzi ndi iyi. Mu Word dinani `Ctrl+F` n'kulemba `I felt`. Mukapeza mawuwa akubwera m'ndime iliyonse mpaka kumapeto, ndiye kuti gawo la maganizo lasefukira m'magawo ena. Kenako fufuzani `the student` ndi `it was`. Akachuluka, mwadzibisa. Ngati akupatsani mawu 1,500, ine ndimasiya pafupifupi 200 pofotokoza nkhani, 150 pa maganizo, ndipo gawo losanthula ndimalipatsa osachepera 500. Ophunzira ambiri amachita mosemphanitsa, theka la chimangirizo limathera pa kusimba nkhani chifukwa ndi pokoma kulemba.

Zotsalazo n'zachangu. Chotsani dzina la wodwala, mudzi wake, nambala ya bedi, tsiku lenileni ndi dzina la chipatala, ndipo munene pachiyambi kuti dzina limene mwagwiritsa ntchito ndi longopeka pofuna kusunga chinsinsi monga malamulo a bungwe la anamwino ndi azamba amafunira. Ogwira ntchito muwatchule ndi maudindo awo basi. Mawu ofupikitsa a pameseji ndi achinyamata achoke, ndipo chidule chilichonse cha kuchipatala mulembe tanthauzo lake lonse ulendo woyamba. Nkhani ikhale m'nthawi yakale, zimene mabuku amanena m'nthawi ya tsopano, malonjezo m'nthawi ya mtsogolo. Kalembedwe ka maumboni, kaya ndi APA kaya Harvard, tsatirani kamene koleji yanu inanena.

Gawo lomaliza lisakhale lakuti "ndidzayesetsa kuchita bwino". Langa ndinalemba kuti ndikapeza mtima wa mayi wochitidwa opaleshoni ukugunda kupitirira 100 pa mphindi ndipo bipi ikutsika, ndidzanena nthawi yomweyo pogwiritsa ntchito SBAR, kutanthauza kunena vuto limene lilipo, mbiri ya wodwala, zimene ndapeza ndi chimene ndikupempha kuti chichitike, ndiponso kuti ndidzayeserera kaperekedwe ka lipoti kameneka ndi mlangizi wanga wa m'wodi ndisanamalize pulakitiko. Mukatha, werengerani mnzanu wa m'kalasi mokweza, ndipo mumufunse kuti akuuzeni chimene munalakwitsa usiku umenewo ndi chifukwa chake. Akalephera kuyankha, bwererani kugawo losanthula.