Momwe mungaonetsere ophunzira chimene chimatikakamiza kupuma

Mukafunsa ana a Fomu 4 kuti n'chifukwa chiyani munthu sangagwire mpweya kwa nthawi yaitali, pafupifupi onse amayankha kuti okosijeni watha. Yankho limeneli limamveka bwino koma si loona, ndipo kulemba pabolodi kuti si loona sikuwasintha maganizo. Ine ndimaphunzitsa bayoloje kuno ku Blantyre, ndipo ndaona kuti amakhulupirira akaona okha manambala pachala chawo. Ntchito yonse imakwana mu mapiriyodi awiri.

Mufunika foni yowerenga masekondi, kabichi wofiira, timapaipi tomwera zakumwa, ndi okisimita, kamakina kaja kopana chala komwe kamalemba SpO2, muyeso wa okosijeni m'magazi pa 100. Za okisimita ndinenepo. Kuyambira nthawi ya mliri wa korona timakina timeneti tadzaza m'mashopu a ku Limbe ngakhalenso kwa anyamata ogulitsa machaja m'mbali mwa msewu, ndipo tina totchipa kwambiri timangolemba 98 kapena 99 kwa aliyense. Musanalipire, kayikeni pachala chanu, muone ngati nambala ya kugunda kwa mtima ikugwirizana ndi yomwe mukuwerenga pamkono. Kenako kapanitseni pa bolopeni. Kakalemba nambala pa bolopeni, kasiyeni pomwepo. Ku famase mulipira zambiri, koma mubwerako ndi chinthu chogwira ntchito. Ngati muli ndi mnansi namwino, kubwereka kwa tsiku limodzi kumakwananso.

Yambani ndi kabichi. Muwiritseni m'madzi ochepa, sefani, thirani madzi amtunduwo m'kapu yagalasi n'kuwasungunula mpaka muziona mkati. Ikani soda wophikira pang'ono zedi, wa pansonga ya machesi, kuti madziwo ade n'kuoneka abuluu. Mwana mmodzi auzire mpweya wake m'madzimo ndi kapaipi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo mtundu ubwerera ku pepo. Soda akachuluka sipasintha kanthu, ndiye musapyoze muyeso. Lembani ichi pabolodi madziwo ali m'maso mwawo:

CO2 + H2O ⇌ H2CO3 ⇌ H+ + HCO3−

Kaboni dayokisaidi akalowa m'madzi amapanga asidi, ndipo asidiyo amatulutsa ma ayoni a haidirojeni. Zimenezi n'zimene zimachitika m'mutu. Kumunsi kwa ubongo, pagawo lotchedwa medula, kuli maselo ozindikira kusintha kwa makemikolo, makemorisepita a pakati. Maselowa amamva haidirojeni wa m'madzi ozungulira ubongo. Haidirojeni wa m'magazi amavutika kudutsa mpanda wolekanitsa magazi ndi ubongo, koma kaboni dayokisaidi amadutsa mosavuta, n'kukapanga haidirojeni mbali inayo. Madzi a mu ubongo alibe mapuloteni ambiri oti amwe asidiyo, choncho kusintha pang'ono kumamveka msanga. Medula imatumiza uthenga ku nyama ya pansi pa mapapo ndi minofu ya pakati pa nthiti, munthu n'kuyamba kupuma mozama ndi mofulumira mpaka kaboni dayokisaidi atabwerera pamalo pake, pakati pa 35 ndi 45 mmHg m'magazi ochokera kumtima.

Tsopano aikeni awiriawiri, onse akhale pampando. Amene ali ndi mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena matenda a siko selo azigwira foni ndi kulemba basi. Wina awerenge kupuma kwa mnzake kwa mphindi yathunthu, koma anamizire kuti akuwerenga kugunda kwa mtima pamkono, chifukwa munthu akadziwa kuti mukumuyang'ana pachifuwa amasintha kapumidwe. Kwa msinkhu umenewu mupeza pakati pa 12 ndi 20.

Kenako kugwira mpweya koyamba. Okisimita ikhale pachala chofunda, chopanda penti m'chikhadabo. Mwana akoke mpweya wamba, osati kudzaza chifuwa, atseke mphuno, ndipo asiye akangomva kuti chifuwa chayamba kukoka chokha. Uzani kalasi kuti si mpikisano. Chitsanzo cha zomwe mungayembekezere ndi ichi: mtsikana wayamba ali pa SpO2 97, wagwira masekondi 40, wasiya maso atatuluka, koma kamakina kakulemba 96. Apa ndi pamene kalasi imakhala zii. Okosijeni akadalipo wambiri, nanga chamuumiriza kupuma n'chiyani? Kaboni dayokisaidi wake wakwera kuchoka pa 40 kuyandikira 50 mmHg, ndipo medula yakana kudikira. Musachotse kamakina msanga. Magazi amatenga nthawi kuti achoke m'mapapo kufika kuchala, ndiye nambala yotsika kwambiri imaoneka patapita masekondi 20 kapena 30 munthu atayamba kale kupuma. Imeneyo ndiyo yolemba.

Gawo lotsatira ndi limene ndikufuna muliwerenge kawiri. Mwana apume mozama kasanu, osapitirira, kenako agwire mpweya ngati poyamba. Mtsikana uja mwina afika masekondi 55 kapena 60. Ana amafulumira kunena kuti wadzaza okosijeni wambiri. Aonetseni kamakina: kanali pa 97, tsopano kali pa 98. Magazi anali atadzaza kale, munalibe malo oonjezera. Chomwe wachita n'kutaya kaboni dayokisaidi, ndiye wayambira pansi, ndipo zimutengera nthawi yaitali kuti afike pamlingo womwe medula imayamba kukalipa.

Chaka china mnyamata wina wa kumbuyo anazindikira yekha chinsinsi chimenechi asanamve malangizo onse. Anafuna kuposa anzake, ndiye pamene ena ankapuma kasanu iye anali atayamba kale wefuwefu mwakachetechete, mwina kwa mphindi yathunthu, ataimirira. Anandiitana kuti, "Aphunzitsi, milomo yachita dzanzi," zala zitayamba kuuma n'kupindikira mkati. Asanamalize kulankhula anafooka mawondo, anzake n'kumugwira asanamenye mutu padesiki. Tinamugoneka pansi, miyendo m'mwamba, ndipo anatsitsimuka posachedwa, koma nkhope ya mwana uja itatuwa sindinaiiwale.

Zimene zinamuchitikira n'zofunika kuzimvetsa bwino. Kaboni dayokisaidi akatsika kwambiri, mitsempha ya magazi ya mu ubongo imafinyika, magazi opita kumutu n'kuchepa, ndiye chizungulire chija. Magazi amasiyanso kukhala ndi asidi wokwanira, pH imakwera kupyola 7.45, kashiyamu womasuka m'magazi amachepa, ndipo minyewa imayamba kuthamanga yokha. Ndilo dzanzi la milomo ndi kupindika kwa zala. Choopsa chachikulu chimabwera akagwira mpweya pambuyo pake. Belu la kaboni dayokisaidi walizimitsa yekha, pamene okosijeni akupitiriza kutsika, ndipo munthu angathe kukomoka asanamve n'komwe kufuna kupuma. Pampando zimathera kugwa. M'madzi zimathera maliro, ndipo ana athu ambiri amapita kunyanja patchuthi n'kumachita mpikisano womira atayamba apuma wefuwefu. Auzeni zimenezi momveka, ndi nkhope yosaseka. Pagawo limeneli ine ndimalola awiri okha nthawi imodzi, kutsogolo, atakhala pansi, ndipo kupuma kasanu kuja timawerenga tonse mokweza. Aliyense asiye ikakwana mphindi imodzi ngakhale akunena kuti akadatha. Za kupumira m'jumbo kuti kaboni dayokisaidi achuluke, zomwe mabuku ena amalemba, ine sindichita m'kalasi, chifukwa m'jumbomo okosijeni amatsika nayenso ndipo simungayang'anire ana onse.

Apa mwana wochenjera amafunsa kuti, ndiye thupi silisamala za okosijeni? Limasamala, koma mochedwerapo. Pakhosi, pamene mtsempha waukulu wa karotidi umagawikana pawiri, pali kanthu kakang'ono ngati kambewu ka mpunga mbali iliyonse, ndipo tina tili pamtsempha waukulu wa ayota pafupi ndi mtima. Amenewa ndi makemorisepita a kunja kwa ubongo. A pakhosi amatumiza uthenga kudzera mu mnyewa wa nambala 9 wa m'mutu, a pa ayota mu wa nambala 10, wotchedwa vegasi. Ntchito yawo anaifotokoza Corneille Heymans wa ku Belgium, yemwe analandira mphoto ya Nobel ya 1938. Amamva kaboni dayokisaidi ndi haidirojeni wa m'magazi mofulumira kuposa medula, ndipo ndi okhawo amene amafulumizitsa kupuma okosijeni akachepa. Koma amadzuka mwamphamvu okosijeni wa m'magazi akatsika pansi pa 60 mmHg, pomwe SpO2 imakhala pafupifupi 90. Mtsikana wathu wa 96 anali kutali ndi pamenepo. Aloleni aloze malowo pakhosi, koma asadinepo, chifukwa kudina pamenepo kumachedwetsa mtima.

Mbali imeneyi simungaiyese m'kalasi. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, wosakwana kudzutsa kwenikweni maselo a pakhosi. Amene anakwerapo Sapitwa ku Mulanje, pa mamita 3,002, ndiwo angauze anzawo momwe munthu amapumira mozama ngakhale atakhala phee pamwala.

Za haidirojeni wosachokera ku kaboni dayokisaidi, perekani chitsanzo cha kuchipatala. Wodwala shuga amene asidi wachuluka m'magazi, kapena mwana wa malungo aakulu, amapuma mozama ngati wathamanga chonsecho m'mapapo mulibe vuto. Maselo a pakhosi amva asidi, ndipo thupi likutaya kaboni dayokisaidi kuti pH ibwerere cha ku 7.35. Kapumidwe kotero n'kothamangira nako kuchipatala.

Nthawi ikatsala, akwere ndi kutsika sitepe kwa mphindi ziwiri, muwerengenso kupuma ndi kugwira mpweya. Kupuma kukwera, masekondi atsika. Ingowachenjezani kuti kupuma kumayamba kufulumira munthu akangoyamba kuyenda, chifukwa cha uthenga wochokera mu ubongo ndi m'minofu, magazi asanasinthe n'komwe.

Musatuluke musananene za mbaula. Mpweya wa poizoni wa makala, kaboni monokisaidi, umakakamira pa himogulobini n'kulanda malo a okosijeni, koma okosijeni wosungunuka m'madzi a magazi, amene maselo a pakhosi amayeza, amakhalabe bwinobwino. Kaboni dayokisaidi nayenso sakwera. Choncho munthu sabanika, amangomva mutu, nseru ndi tulo. Okisimita wamba imanamizidwanso, imatha kulemba 98 pa munthu amene ali pangozi. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, mabanja ambiri ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Mbayani amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo. Mukapeza a m'nyumba imodzi onse akudandaula mutu mbaula ili mkati, atulutseni panja, tsegulani zitseko, ndipo apite kuchipatala ngakhale kamakina kakulemba nambala yabwino.