Hadidisiki ya 1 TB ikuonetsa 931 GB: momwe mungadziwire ngati malo asowadi

Munthu amagula hadidisiki ya 1 TB mumzinda wa Tete, kufika nayo kwawo ku Ulongwe kapena ku Moatize, kuilumikiza pa kompyuta, n'kupeza yalemba 931 GB. Apo mtima umayamba kutentha: magigabayiti 69 apita kuti? Musanawononge ndalama ya basi pobwerera kwa wogulitsa, chitani izi motsatana. Nthawi zambiri palibe chimene chasowa, koma ilipo nthawi ina pomwe mwaberedwadi, ndipo njira yake ndi yomweyi yokuthandizani kusiyanitsa.

1. Onani mabayiti, osati nambala ya GB

Tsegulani This PC, dinani batani lakumanja la mausi pa disikiyo, sankhani Properties. Ngati Windows yanu ndi ya Chipwitikizi, monga makompyuta ambiri kuno, muona Este PC ndi Propriedades. Pamzere wa Capacity kapena Capacidade pali nambala ziwiri: ina yaitali ya mabayiti, ina yaifupi ya GB. Yaitaliyo ndiyo yonena zoona. Kuti muone kukula kwa disiki yonse, lembani izi mu PowerShell, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo:

```
Get-Disk | Select-Object FriendlyName, Size
```

Hadidisiki zambiri za 1 TB zimakhala ndi mabayiti 1,000,204,886,016. Ndiye kuti wopanga wakupatsani zonse zimene analemba pa katoni, n'kuwonjezerapo pang'ono.

2. Werengetsani nokha

Opanga madisiki amawerenga ndi 1,000. Kwa iwo gigabayiti imodzi ndi mabayiti 1,000,000,000. Windows imawerenga ndi 1,024, chifukwa makompyuta amagwira ntchito ndi manambala ochulukitsa pawiripawiri, ndipo 2 ukamuchulukitsa ndi iye mwini kakhumi amapereka 1,024. Mukachulukitsa 1,024 katatu mumapeza mabayiti 1,073,741,824. Muyeso umenewu dzina lake lenileni ndi gibibayiti, ndipo umalembedwa GiB. Bungwe la IEC, loona za miyeso padziko lonse, linakhazikitsa mayina amenewa mu 1998, koma Windows mpaka lero imawerenga magibibayiti n'kumalemba GB. Chisokonezo chonse gwero lake n'limeneli.

Zili ngati chimanga cha m'thumba limodzi: mukachiyeza ndi ndowa yokulirapo, ndowa zimachepa, koma chimanga n'chomwecho.

Tengani kakyuleta ya pafoni mugawe:

```
1000204886016 / 1073741824 = 931.51
```

Nayo 931 ija. Njira yachidule ndi kuchulukitsa magigabayiti a pa katoni ndi 0.931. Disiki ya 500 GB iyenera kuonetsa pafupifupi 465 GB, ya 2 TB, yomwe ndi 2,000 GB, ikhale pafupifupi 1,862 GB amene Windows imalemba 1.81 TB, fulashi ya 64 GB isapitirire 59.6 GB. Zindikirani kuti mpatawu umakula disiki ikamakula: pa kilobayiti kusiyana ndi 2.4 peresenti yokha, pa gigabayiti kumaposa 7 peresenti, pa terabayiti kumafika pafupifupi 10 peresenti. N'chifukwa chake kale anthu sankadandaula kwenikweni.

Disiki yomweyo mukailumikiza pa kompyuta ya Mac idzalemba 1 TB, chifukwa kuyambira mu 2009 Apple imawerenga ndi 1,000. Musaganize kuti yachira. Ndi muyeso chabe wasintha.

Mafulashi ndi makhadi a memori amakonda kutsikako pang'ono kuposa masamuwa, chifukwa wopanga amapatula malo ena oti kachipangizo kam'kati kazigwiritsa ntchito mbali zina zikayamba kutha. Fulashi ya 64 GB yoonetsa 58 GB si yodetsa nkhawa.

3. Ngati nambala yatsika kwambiri, onani magawo

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `diskmgmt.msc`. Mu Disk Management imene itseguke, muona disiki iliyonse itajambulidwa ngati kamzere kogawidwa. Pa laputopu yatsopano pamakhala timagawo tobisika: ka EFI koyatsira kompyuta, kamene nthawi zambiri kamakhala 100 MB kapena 260 MB, ndi kena kokonzera Windows ikawonongeka. Timeneti musatifufute pofuna malo. Phindu lake n'lochepa, ndipo kompyuta ikhoza kukana kuyaka.

Chofunika kuchiyang'ana ndi gawo la mzere wakuda lolembedwa Unallocated. Amenewo ndi malo anu amene sanapatsidwe gawo. Izi zimachitika kawirikawiri pa disiki ya 4 TB imene yakonzedwa ndi dongosolo lakale la MBR, lomwe pa madisiki wamba limathera pa 2048 GB. Malo otsalawo amangokhala, osagwiritsika. Mankhwala ake ndi kusintha disikiyo kukhala ya dongosolo latsopano la GPT. Mu Disk Management izi zimafuna kuti mufufute kaye magawo onse, choncho samutsani mafayilo anu poyamba. Chimodzimodzinso fulashi yaikulu imene munthu anaikirapo Windows: kawirikawiri imatsala ndi gawo la 32 GB, kwinako kuli Unallocated.

4. Malo amene kufomati kumadya

Anthu ambiri amanena kuti magigabayiti 69 aja amadyedwa ndi kufomati. Si zoona. Kufomati kumatenga malo ndithu, chifukwa disiki imafunika kaundula wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili, koma pa NTFS, kafomatidwe ka Windows, disiki yatsopano ya 1 TB imataya malo osafika n'komwe gigabayiti imodzi.

Pa Linux nkhani ndi ina. Mukafomata ndi ext4, kafomatidwe kofala pa Linux, lamulo la `df -h` limaonetsa pafupifupi 916G, ndipo malo olembamo amakhala cha m'ma 870G. Magibibayiti pafupifupi 15 apita ku kaundula, ndipo 5 peresenti yasungidwira root, akaunti ya woyang'anira kompyuta. Pa disiki yongosungira zithunzi ndi mavidiyo, 5 peresentiyo ndi yochuluka mosafunikira, ndipo mutha kuitsitsa:

```
sudo tune2fs -m 1 /dev/sdb1
```

Onetsetsani kaye ndi `lsblk` kuti dzina la gawo lanu ndi lomwelo.

Pali kutayika kwina kumene sikuoneka tsiku logula. Disiki imagawira mafayilo malo m'timabokosi tofanana kukula, ndipo fayilo ngakhale ichepe bwanji imatenga kabokosi kathunthu. Pa NTFS kabokosi kamakhala 4 KB. Pa exFAT, kafomatidwe kofala pa mafulashi, fulashi yoposa 32 GB imapatsidwa timabokosi ta 128 KB. Tinene kuti mlembi wa pasukulu ku Tsangano wasunga makalata 10,000, iliyonse ya 10 KB. Onse pamodzi ndi pafupifupi 100 MB, koma pa fulashi yoteroyo adya 1.2 GB. Mudzazionera mu Properties, pamene Size ndi Size on disk zasiyana kwambiri. Ngati mumasunga timafayilo tating'ono tambiri, sankhani Allocation unit size yocheperapo pofomata. Wa mavidiyo asavutike nazo.

5. Yesani ngati malowo alipodi

Apa ndiye pofunika kusamala, makamaka pa mafulashi ndi makhadi otchipa modabwitsa a pamsika. Fulashi yachinyengo siionetsa nambala yochepa. Imalemba bwinobwino 128 GB kapena 1 TB, chifukwa kachipangizo kake anakakonza kuti kazinama, pamene m'kati muli mwina 8 GB yokha. Masamu onse a pamwambapa imakhoza. Mumakopera zithunzi za ukwati, mayina ake n'kumaoneka, koma mukadutsa malo enieniwo zatsopano zimatayika kapena kulembedwa pamwamba pa zakale, ndipo mumadzazindikira mochedwa pamene mafayilo akukana kutseguka.

Njira yotsimikizira ndi kudzaza fulashi yonse ndi kuwerenganso. Pa Windows gwiritsani ntchito pulogalamu yaulere ya H2testw: fulashi ikhale yopanda kanthu, isankheni ndi Select target, siyani pa all available space, kenako dinani Write + Verify. Pa Linux ntchito yomweyo imachitika ndi `f3write` kenako `f3read`. Zimatenga nthawi, mwina maola angapo pa fulashi yochedwa, choncho laputopu ikhale ndi moto wokwanira kuopa kuti magetsi angazime pakati. Ikamaliza popanda cholakwika, malo onse alipo. Ikanena kuti deta yambiri yatayika, kufomati sikungaikonze. Jambulani zotsatirazo pafoni, tengani lisiti yanu, mukabweze fulashiyo musanaikemo fayilo iliyonse yofunika.