Momwe mungayenderenso imelo yofunika musanaitumize

Tiyerekeze kuti mukutumiza chikalata cha mitengo kwa kasitomala wamkulu, ndipo sabata yomweyo munatumiza chikalata chofanana nacho kwa kasitomala wina pa mitengo ina. Imelo yotere mukailakwitsa, kupepesa sikubweza zomwe munthu waona kale. Nayi ndondomeko yoitsata mwamaliza kulemba.

Yambani ndi kufufuta zonse zomwe zili m'malo a To, Cc ndi Bcc. Imelo yopanda adiresi singapite, ngakhale chala chitaterereka n'kudina Send, kapena mutakhudza Ctrl+Enter, yomwe mu Outlook ndi mu Gmail imatumiza uthenga. Ma adiresi muwabwezeretsa pomaliza penipeni.

Kenako pitani ku mafayilo, chifukwa apa ndi pomwe zambiri zimawonongekera. Kuona dzina la fayilo pansi pa imelo si kuyendera. Tsegulani fayiloyo kuchokera mu imelo momwemo, osati kuchokera m'foda yomwe munaisunga. Chifukwa chake n'chakuti imelo imatenga kope ya fayilo momwe inalili panthawi yomwe mumaimata. Ngati munaimata m'mawa, masana n'kukonza mtengo pa tsamba lachitatu, zomwe mwakonzazo zatsala mu kompyuta yanu, ndipo kasitomala alandira zam'mawa zija. Mukakonza chilichonse, chotsani fayilo yakale mu imelo n'kumatanso yatsopano.

Mwaitsegula, onani zinthu zitatu: dzina la kampani pa tsamba loyamba, tsiku, ndi chiwerengero chonse cha ndalama. Musaiwale timizere tapamwamba ndi tapansi pa tsamba. Anthu ambiri amakopera chikalata cha kasitomala wakale n'kusintha dzina m'kati mokha, la kasitomala wakaleyo n'kutsala m'munsi mwa tsamba lililonse m'zilembo zazing'ono. Dinani Ctrl+F, lembani dzina la kasitomala wakaleyo, muone ngati lituluke penapake.

Palinso zobisika zomwe maso saona. Fayilo ya Word imasunga ndemanga za anzanu ndi zonse zomwe zinasinthidwa ngati Track Changes inali yoyatsa. Kusankha No Markup kumangozibisa pa sikirini yanu, sikuzichotsa. Wolandira akhoza kuzionetsanso n'kuwerenga mtengo womwe munayamba mwalemba musanaukweze. Zosinthazo muyenera kuzivomereza kapena kuzikana zonse, ndipo ndemanga muzifufute. Excel nayo imakhala ndi masamba ndi mizere yobisidwa, momwe nthawi zambiri mumakhala mtengo womwe munagulira katundu ndi phindu lanu. Pa kompyuta ya Windows pitani ku File, Info, Check for Issues, kenako Inspect Document, ikuwonetsani zonsezi. Ngati wolandira sakufunika kusintha kalikonse, njira yachidule ndi kutumiza PDF. Koma nayonso itseguleni, chifukwa ndemanga zimatha kusindikizika m'mbali mwa tsamba, ndipo tebulo lalikulu limaduka pakati.

Dzina la fayilo nalonso limalankhula. Fayilo yotchedwa `mitengo_yomaliza_yeniyeni3.docx` imauza wolandira kuti panali zina ziwiri. Ipatseni dzina lomwe iye angaipeze nalo pakatha miyezi isanu ndi umodzi: dzina la kampani yanu, mtundu wa chikalata ndi tsiku. Werenganinso chiwerengero cha mafayilo. Ngati m'kalata mwanena kuti mwaphatikiza zikalata zinayi, pansi pakhale zinayi. Musadalire chikumbutso chija chomwe chimatuluka mukaiwala kumata fayilo, chifukwa chimadzuka chikaona mawu ngati `attached` m'kalata yanu; mukalemba mwanjira ina chimangokhala chete. Kumbukiraninso kuti Reply satenga mafayilo a imelo yomwe mukuyankha, pomwe Forward amatenga onse, ngakhale omwe simumafuna kuti apite.

Za kukula: Gmail imalola mafayilo osapitirira 25 MB onse pamodzi, ndipo akaposa apo imawasandutsa linki ya Google Drive. Linkiyo imatseguka pokhapokha wolandira atapatsidwa chilolezo, choncho onani zimenezo, makamaka ngati pali nthawi yotsekera. Komanso fayilo imakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ikamayenda pa imelo, ndipo makampani ena amaika malire otsikirapo kumbali yolandira. Apa ndi pomwe anthu amathamangira mawebusaiti aulere ochepetsa PDF. Ine sindingaike mgwirizano kapena chikalata cha malipiro pa webusaiti yomwe mwini wake sindikumudziwa. Word yomweyo ili ndi Minimum size posunga PDF, ndipo nthawi zambiri imakwanira.

Tsopano mayina ndi maudindo. Dzina la munthu musalilembe kuchokera m'mutu. Likopereni kuchokera pansi pa imelo yomwe iye mwini anakulemberani, pomwe amasayinira, ndipo lifananizeni chilembo ndi chilembo m'malo atatu: pa moni, m'kati mwa kalata, ndi m'chikalata chomwe mwamata. Samalani ndi foni kapena kompyuta yomwe imakonza yokha mawu, imasintha mayina omwe siikuwadziwa. Ngati munthu amadzilemba Dr kapena Prof, mulembeni choncho. Ngati dzina silikukuuzani kuti ndi bambo kapena mayi, musaganizire. Lembani dzina lonse kapena udindo wake. Udindowo utsimikizeni kuti ndi wa lero, chifukwa anthu amakwezedwa, ena amachoka, ndipo wogwirizira udindo ndi wosiyana ndi mwini udindo. Mukakayika, imbirani ku ofesi yawo mufunse, sizitenga mphindi ziwiri. Dzina la kampani nalonso lilembeni momwe lilili pa zikalata zawo.

Musanafike ku ma adiresi, tsikirani m'munsi mwa kalata. Ngati mukuyankha kapena kupititsa imelo yomwe yayenda nthawi yaitali, zokambirana zakale zonse zili pansipo, kuphatikizapo zomwe mumanong'onezana ndi anzanu a mu ofesi zokhudza kasitomala yemweyo. Zifufuteni, kapena yambani imelo yatsopano. Mutu wa imelo nawo ugwirizane ndi nkhani ya lero.

Apa bwezeretsani ma adiresi. Mukangolemba zilembo ziwiri kapena zitatu, pulogalamu imakubweretserani mayina, ndipo lapamwamba si nthawi zonse limakhala lomwe mukufuna. Anthu awiri a dzina lofanana, wina wa kasitomala uyu wina wa kasitomala uja, amaoneka chimodzimodzi mpaka mutaona adiresi yonse. Lozani kapena dinani pa dzina lililonse, werengani gawo lomwe lili kumanja kwa @. Onetsetsani `rn` yomwe imaoneka ngati `m`, ndi `l` yomwe imafanana ndi `1`. Akuba amagwiritsa ntchito zimenezi, makamaka pa nkhani zosintha nambala ya akaunti ya ku banki. Ku To ikani yemwe akuyenera kuchitapo kanthu, ku Cc omwe akungofunika kudziwa. Bcc ndi ya anthu ambiri osadziwana, koma kubisa bwana wanu kumeneko n'koopsa: akadina Reply All, aliyense adziwa kuti analipo.

Onani From ngati muli ndi ma akaunti awiri. Mu Gmail ikani Undo Send, mpata woletsera imelo mutangoitumiza, pa masekondi 30, omwe ndi apamwamba kwambiri, ndipo musawerengere Recall ya Outlook yobwezera imelo yomwe yapita kale, chifukwa imagwira ntchito m'kati mwa bungwe lanu mokha. Mukatumiza, tsegulani Sent mutsimikize kuti yapitadi ndi mafayilo ake, kenako dikirani mphindi zingapo muone ngati siinabwerere.